Yankho: Kodi mavawelo awiri otsatizana ndi mora zingati?

"Mu maliro ndi maliiro, kapena mbale ndi m'baale, ndiwerenge bwanji mora? Aphunzitsi athu kuno ku Blantyre akuti Chichewa chilibe mavawelo aatali."

Aphunzitsi anuwo akunena zoona, achimwene: patsinde la liwu, kutalika kwa vawelo sikusintha tanthauzo m'Chichewa. Mora ndi muyeso wa nthawi imene phatikizo limatenga polinena. Vawelo yaifupi ndi mora imodzi, yaitali ndi ziwiri, ndipo konsonanti yoyamba phatikizo siwerengedwa. Ndiye "mba" ili ndi mora imodzi ngati "ba".

Chimene mukumva mu "maliiro" ndi katchulidwe chabe. Phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto ndi limene limatalika liwu likakhala pothera chiganizo. Nenani "ndaona nyumba" mumve kuti "nyu" yakokeka: nyu-u-mba, mora zitatu. Kenaka nenani "nyumba yaikulu". Apa "nyu" yafupika, nyumba yatsala ndi mora ziwiri, ndipo kutalikako kwasamukira pa "ku". N'chifukwa chake sitilemba kutalikako, ndipo ine ndimaona kuti kutero n'kolondola.

Samalani ndi "m'bale". Apo "m" ikuima payokha, ili ndi mora yakeyake: m-ba-le, zitatu, pomwe "mbale" yodyeramo nsima ili ndi ziwiri pakati pa chiganizo.