Fonti yokha siichiza

"Asuweni, ndi fonti iti imene ndingaike pa kompyuta kuti mwanayu, ndi disilekisiya yakeyi, vuto lomuvutitsa powerenga lija, aziwerenga bwino ndime za kusukulu?"

Eee, msuweni, ndakumva. Iwe ukufuna mankhwala ongomeza kamodzi, ndimakudziwa. Dikira kaye.

Ukukumbuka mapologalamu a ukwati amene ankatayipa amalume a ku Ntcheu? Pepala limodzi basi, chifukwa mapepala ndi ndalama. Nyimbo, mayina a ankhoswe, malonje, zonse m'zilembo zazikuluzikulu zokhazokha, mizere yogundana, m'mbali osasiya ndi malo ogwira pomwe. Ndiye tsiku lija a tcheyamani, munthu wodziwa kuwerenga bwinobwino, anawerenga mzere umodzi kawiri, kenako nkudumpha iwiri, mpaka ankhoswe akuchikazi osatchulidwa. Phokoso lake! Amalume nkumati vuto ndi magalasi a tcheyamani. Mpaka lero, ukawafunse, adzakuuza kuti ndi magalasi.

Nanga ndimati chiyani... eya. Diso likafika kumapeto kwa mzere limayenera kubwerera nkupeza poyambira wotsatira. Zikathithikana limasochera, ndipo kwa mwana ngati wakoyo zilembo zoyandikana zimasokonezananso. Ndiye fonti usavutike nayo, Arial kapena Verdana ili kale mu Word, saizi 14. OpenDyslexic ija, fonti imene anapangira anthu a disilekisiya, anthu amaitama, koma pofufuza sanapeze kuti imaposa Arial. Chachikulu ndi mipata, ndi kudula ziganizo.

Mizere italikirane pa 1.5. Zilembo uzitalikitse pang'ono, pa Font, Advanced, Expanded, 1 pt. Ukapyoza, mawu amamwazika, osadziwikanso pothera liwu. Sankha Align Left, osati Justify, chifukwa imasiya mipata yosiyanasiyana. Zilembo zopendekeka ayi, kudula mzere kunsi ayi, mawu ofunika ungowadetsa ndi Bold. Ndipo mawu athuwa ndi aatali, usadule liwu kumapeto kwa mzere.

Tsono chiganizo. Tinene chalembedwa kuti, "Mvula itayamba, Chikondi, yemwe anali atangofika kuchokera kumsika, anathamanga kukaanula zovala zimene amayi ake anayanika." Pofika pa "anathamanga" mwana waiwala kuti akuthamanga ndani. Ulembe, "Chikondi anafika kuchokera kumsika. Kenako mvula inayamba. Chikondi anathamanga kukaanula zovala. Zovalazo anayanika ndi amayi ake." Dzina ulibwereze, osangoti "iye". Koma usa... ayi, ndinene bwino, "kenako", "chifukwa", "koma", amenewo usachotse, ndi amene amamangiriza nkhani. Mawu atsopano a phunzirolo usawachotsenso, mayeso adzawafunsa.

Ndiye wamva? Si fonti, ndi mipata ndi ziganizo zazifupi. Umupatse mapepala onse awiri, lakale ndi latsopano, awerenge mokweza, iwe uziona kuti wadumpha mizere ingati. Akamadumphabe, fupikitsa mizereyo, zilembo zisapose 60 kapena 70 pa mzere umodzi. Mipata, msuweni, ndi kudula ziganizo. Ndipo usakatayipitse kwa amalume.