Selozi K480,000 koma pansi pangotsala K21,000, zapita kuti?

"Abale thandizeni, akauntanti andipangira inkamu sitetimenti ya shopu yanga ya ku Kapata yoti ndipite nayo ku banki, chithunzi ndi icho. Pamwamba pali K480,000 koma pansi K21,000 chabe. Zina zonsezo zapita kuti, kapena mnyamata wa mu shopu akundibera?"

Asisi musayambe mwamuthamangitsa mnyamatayo, tiyeni titsike nayo pepalayi mzere ndi mzere.

K480,000 ndi selozi, katundu yense amene anatuluka pa kauntala chaka chonse, olo amene anthu anatenga pa nkhongole ndipo mpaka lero sanalipire ali momwemo. Pansi pake achotsa K6,000 ya katundu amene makasitomala anabweza, ndiye selozi yeniyeni ndi K474,000.

Manje pamene pamasokoneza anthu ambiri ndi pa kosti ya selozi. Iyi si ndalama yonse imene munaodera katundu chaka chino ayi, ndi mtengo wooda wa katundu amene WAGULITSIDWA. Onani mmene apangira. Chaka chimayamba muli ndi sitoko ya K40,000 mu mashelefu, mwaoda wina wa K390,000, thiransipoti yobweretsa katunduyo kuchoka ku Lusaka K14,000, zonse pamodzi K444,000. Koma tsiku lotseka chaka munali mukadali shuga, sopo, saladi ndi zina za K64,000 zosagulitsa, ndiye izo amazichotsa chifukwa zidzagulitsidwa chaka chamawa. Yatsala K380,000. Mukachotsa iyi pa K474,000 mupeza K94,000, ndiyo girosi pulofiti.

Pa namba ya K64,000 ija ndikufunseni, munawerengadi katoni ndi katoni kapena munangowauza akauntanti za m'mutu? Chifukwa ikakwera ndi K10,000 molakwika, pulofiti nayo imakwera ndi K10,000 yabodza, ndipo iyenera kuwerengedwa pa mtengo wooda osati wogulitsira, komanso zoola ndi zodutsa deti musaziike pa mtengo wonse.

Ngati mukufuna kudziwa za kuba, poyang'ana ndi pomwepa. Gawani K94,000 ndi K474,000, mupeza kuti pa kwacha iliyonse yogulitsa mumatsala ndi pafupifupi 20 ngwee. Ndiye fananizani ndi mitengo yanu. Ngati chinthu chooda K80 kuphatikiza thiransipoti mumagulitsa K100, zikugwirizana, palibe chikusowa. Koma ngati mumagulitsa K110 pepala likanaonetsa cha m'ma 27 ngwee osati 20, pamenepo ndiye katundu akutuluka osalembedwa, kaya ndi mnyamata, kaya ndi ana kunyumba amene amangotola buledi ndi mazira, kaya ndinu nomwe.

Kenako pabwera ma ekisipensi oyendetsera shopu, awa savuta. Lendi K18,000, malipiro a mnyamata K21,600, malaiti K3,600, laisensi ya khansolo ndi tina ting'onoting'ono K2,400. Palinso dipulishiyeshoni K2,400 imene mwina mukudabwa kuti munalipira ndani. Simunalipire munthu, ndi kutha kwa filiji. Ndikuona pa noti kuti munaigula K12,000 ndipo aiwerengera zaka 5, ndiye chaka chilichonse amadulako K2,400 m'malo moiika yonse chaka chimodzi. Zonse K48,000, ndipo K94,000 kuchotsa K48,000 kwatsala K46,000. Iyi ndi opaletingi pulofiti, kwa ine ndiyo namba imene imanena zoona ngati shopu payokha ikuyenda.

Kuchoka apo achotsa intelesiti ya loni K6,000. Intelesiti chabe, ndalama yobweza loni yeniyeniyo silowa muno. Yatsala K40,000 msonkho usanachoke. Msonkho alemba K19,000 ndipo ndikudziwa mukuti pafupifupi hafu bwanji. Bizinesi yaing'ono ngati yanu ku ZRA imakhala pa tenova takisi, imene amawerengera pa selozi osati pa pulofiti, ndiye olo mupindule pang'ono msonkho suchepa. Chotsani, mwafika pa K21,000, neti pulofiti yanu.

Koma musapite kukaifuna mu kabati kapena pa foni K21,000 imeneyo. Sitoko yanu yakula kuchoka pa K40,000 kufika K64,000, kutanthauza kuti K24,000 yakhala pa shelefu, yaposa kale pulofiti yonse. Onjezani a nkhongole amene sanabweze, zimene mwabweza ku loni, ndi zimene mumatapa za ndiwo ndi za sukulu, zimenenso sizioneka pa pepalali chifukwa si ekisipensi ya shopu. Ndipo malipiro anu inuyo sindikuwaona paliponse, ndiye K21,000 pa chaka ndi K1,750 pa mwezi, mnyamata uja akulandira K1,800. A banki akakufunsaninso balansi shiti kuti aone nkhongole ndi sitoko, auzeni akauntanti akupatseni zonse ziwiri musanapite.