Nkhuku yathunthu mu poto, popanda uvuni

"Zikomo amayi. Apongozi anga akubwera Loweruka ndipo ndikufuna ndiwaotchere nkhuku yathunthu, koma uvuni ndilibe. Ndili ndi mbaula ndi hotipuleti basi. Ndinayeserapo mu poto, pansi panapserera koma m'kati munali magazi. Ndinalakwitsa pati?"

Achemwali, moto unachuluka. Poto si uvuni: mu uvuni kutentha kumazungulira nkhuku mbali zonse, pamene mu poto kumachokera pansi pokha. Ndiye ntchito yanu ndi yoti nkhuku isagone pa chitsulo, ndipo ipse ndi kutentha kotsekeredwa m'katimo.

Yambani ndi nkhukuyo. Gulani yoyera, ya broila, yolemera pafupifupi kilo imodzi ndi theka. Yachikuda ndi yokoma, palibe angatsutse, koma ndi yolimba, imafuna madzi ambiri ndi maola awiri kapena kuposa, ndiye mapeto ake mumakhala mwaphika, osati kuotcha. Ngati yachokera mu firiji ili gwa, isungunuke kaye yonse mpaka m'mimba, chifukwa ayezi wotsalira m'kati ndi amene amasiya nyama yaiwisi pafupa. Ipukuteni iume ndithu. Khungu lonyowa silifiira, limangomatirira ku poto n'kusendeka. Pakani mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka, adyo wosinja ndi tsabola pang'ono, kunja ndi m'kati, m'mimbamo muikemo ndimu lodula pakati. Miyendo muimange ndi ulusi kuti isamatambalale potembenuza.

Poto akhale wochindikala pansi, wongokwana nkhukuyo, wa chivindikiro chokhala bwino. Thirani mafuta masupuni akulu atatu, atenthe, n'kuikamo nkhuku chifuwa pansi. Musaigwedeze. Ikafiira imadzimatula yokha, pakatha mphindi ngati 5. Mutembenuze mbali ina, kenako inayo, pomaliza msana. Zonsezi ndi mphindi 15 kapena 20, poto ali wosavindikira. Mtundu umene mwaupeza apa ndi umene apongozi adzauone m'mbale, choncho musapupulume.

Tsopano itulutseni kaye. Yalani pansi pa poto anyezi awiri odula mochindikala ngati chala, ndi karoti ngati alipo. Amenewa ndi mphasa ya nkhuku. Ikhazikeni pamwamba pake chagada, msana pansi, thirani madzi theka la kapu m'mbali, osati pa khungu, n'kuvindikira. Theka la kapu lokha. Nkhuku yoyera imatulutsa madzi ake ndi mafuta, mukawonjeza ambiri isanduka yowiritsa, yotuwa.

Apa ndi pamene ambiri timagwera. Moto utsike kwambiri. Pa hotipuleti ndi 1 kapena 2, koma dziwani kuti mbale yake imachedwa kuzizira, ndiye phulani poto kwa mphindi zingapo mukangotsitsa. Pa mbaula, chotsani makala ambiri, otsalawo muwawaze phulusa. Khutu likuuzani: mukamva kakuti tchetchetche pang'onopang'ono, zili bwino. Kukayamba kuthetheka mwaukali, madzi atha, thirani masupuni atatu msanga anyezi asanade. Kukamabwata ngati nyemba, madzi achuluka, tsegulani pang'ono chivindikiro.

Ine pa ziwirizi ndimasankha mbaula, chifukwa makala mwachotsa aja mumawaika pa chivindikiro monga timachitira pophika chigumu. Moto wa pamwambawu umaumitsa khungu ndi kulifiiritsa, zimene hotipuleti sangachite. Chivindikirocho chikhale chachitsulo chokhachokha. Ndinasungunulapo chogwirira cha pulasitiki tsiku lina, fungo lake linalowa mpaka mu mpunga.

Kuyambira pamene mwavindikira, nkhuku ya kilo ndi theka imatenga pafupifupi ola limodzi. Tsegulani pakapita mphindi 20 zilizonse, tungani msuzi wa pansi ndi supuni n'kuuthira pa chifuwa, n'kutseka. Kutsegula pafupipafupi kumathawitsa kutentha. Ola likakwana, bayani ndi mpeni pamene ntchafu yalumikizana ndi thupi, mpaka pafupa. Madzi otuluka akhale oyera. Akatuluka ofiirira, vindikiraninso mphindi 10. Mwendo ukhalenso wogwedezeka mosavuta mukaukoka. Musayesere pa chifuwa, chimapsa msanga ndipo chimanamiza. Amene ali ndi choyezera kutentha kwa nyama, pa ntchafupo pafike madigiri 75.

Pa hotipuleti khungu limatuluka lofewa chifukwa cha nthunzi. Likakuvutani maganizo, tenthetsani mafuta pang'ono m'chiwaya, mugoneke nkhuku chifuwa pansi mphindi 3 kapena 4. Silingachite khirikhiri ngati la mu uvuni, koma limauma n'kuwala.

Mukaphula, isiyeni mphindi 10 musanadule, kuti madzi asathere m'mbale. Nthawi imeneyi yengululani mafuta oyandama mu poto muja, phwanyani anyezi ndi mthiko, dulirani tomato mmodzi, thirani timadzi, zibwate pang'ono. Msuzi wa mpunga wa apongozi ndi umenewo, ndipo mulawe musanathire mchere, chifukwa wa pa nkhuku uja wagwera kale momwemo.