Masamba a chammwamba akuchita nkhungu m'botolo

"Ndinathyola chammwamba, ndinayanika masiku awiri n'kuika m'botolo. Pano achita nkhungu komanso akununkha chinyontho. Ndinalakwitsa pati?"

Achemwali, masambawo sanaume. Masiku awiri ndi ochepa, makamaka nyengo ya dzinja. Tsamba limaoneka louma kunja pomwe kamtsempha ka pakati kadakali ndi madzi, ndiye mukatseka botolo madziwo amasowa kotulukira. Amene achita nkhunguwo tayani onse, musati muwayanikenso, chifukwa poizoni wa nkhungu zina sachoka ngakhale mutawiritsa.

Ulendo wina thyolani m'mawa mame atauma. Mukatsuka, akutumuleni adonthe kaye, kenako pululani masamba kuchotsa timitengo. Yalani mopyapyala pa lichero kapena pa chitenje choyera, m'chipinda chodutsa mphepo, osati padzuwa. Dzuwa limawayeretsa n'kuwononga mavitamini ena. Ine ndimaika malichero pamwamba pa mipando iwiri kuti mphepo izipita ndi pansi pomwe, ndipo ndimatembenuza m'mawa ndi madzulo. Mu Okutobala masiku atatu kapena anayi amakwana, koma mu Januwale ngakhale sabata.

Poyesa, finyani pang'ono m'manja. Akafumbutuka ngati fodya wouma, ali bwino. Akangopindika, adikireni. Mukhozanso kutsekera ochepa m'botolo lagalasi usiku umodzi. Mukaona thukuta m'kati, bwezerani pa lichero.

Sungani m'botolo louma lotseka bwino, mumdima, kutali ndi mbaula. Musasinje onse nthawi imodzi, ufa suchedwa kutha mphamvu. Lembani tsiku pachivindikiro, ndipo ine ikakwana miyezi 6, kapena mtundu wobiriwira ukayamba kufwifwa, ndimathyola atsopano.