Ngongole ya pa foni ndi ya amene walemba nambala yachinsinsi

"A loya, mayi athu agonekedwa ku chipatala cha mishoni ndipo pakufunika K80,000 mwamsanga. Foni yanga ikundilola kukongola ndalamayo, akuti chiwongoladzanja ndi 10 peresenti, ndibweze pa masiku 14. Achimwene anga akuti nditenge, adzabweza ndi iwo akalandira kumapeto kwa mwezi, koma kwatsala masiku 24. Ine ndimagulitsa kaunjika ndipo makasitomala ambiri amandilipira pa nambala yomweyo. Nditenge? Nanga achimwene akapanda kubweza, a kampani sangawatsate iwowo?" Mayi wa ku Ndirande

Sangawatsate, mayi. Kampaniyo achimwene anu siyikuwadziwa, ndipo ilibe chifukwa chowadziwira. Simu khadiyo inalembetsedwa ndi chiphaso chanu cha unzika, nambala yachinsinsi mulemba ndinu, ndiye pamaso pa lamulo wokongola ndi inuyo nokha. Musadzinamizenso kuti poti palibe pepala losayina ndiye kuti palibe mgwirizano. Lamulo la mu 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limavomereza mgwirizano wopangidwa pa foni kapena pa kompyuta. Mukangodina kuti mwavomera, mwadzimanga chimodzimodzi ngati mwasayina pamaso pa kalaliki wa ku banki.

Tiyambe tawerenga ndalamayo, chifukwa 10 peresenti imamveka yochepa pakamwa. Pa K80,000 ndi K8,000, ndiye pa tsiku la 14 mukuyenera kubweza K88,000. Koma K8,000 imeneyo mwalipirira masabata awiri okha. M'chaka muli masabata awiriawiri okwana 26, kotero mtengo womwewo mutauyala chaka chonse ukufika pa 260 peresenti. Funsaninso ngati K8,000 imeneyo amadula musanalandire, pakuti ena amatero. Akadula, m'foni mulowa K72,000 yokha, pamene ku chipatala akufuna K80,000, ndipo mukapita kwa ejenti kukatapa padzadulidwanso ina.

Izi zonse ndi ngati mwabweza pa tsiku lake. Inu simubweza pa tsiku lake, pakuti ndalama yomwe mukudalira ikubwera masiku 10 tsikulo litadutsa kale. Ngongole imeneyi mukuyitenga mukudziwa kuti chindapusa chochedwera chikupezani. Kukula kwa chindapusacho kuli m'mfundo za kampaniyo, ndipo mukuyenera kukuona ndi maso anu musanadine. Tingoyerekeza kuti ndi 10 peresenti inanso pa K88,000 ija. Ndiye kuti paonjezeka K8,800, ngongole yafika K96,800. Mwalipira K16,800 pogwiritsa ntchito K80,000 kwa masiku osakwana mwezi, kutanthauza K21 pa K100 iliyonse. Ngati mfundo zake zikuti chindapusa chimabwerezedwa pakapita masiku ena, onkhetsaninso.

China chomwe anthu a geni amadzidzimuka nacho n'chakuti ngongole zambiri zamtunduwu zimapatsa wokongoza mphamvu yodzitapira yekha m'foni mwanu tsiku likakwana. Kasitomala akutumizirani K15,000 ya jekete, uthenga ulowa, pasanathe mphindi ulowanso wina wonena kuti yadulidwa pa ngongole. Mpamba wa belo lotsatira umathera pamenepo, ndipo kukadandaula n'kovuta chifukwa munavomera nokha.

Koma chomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi nkhani ya achimwene anuwa, chifukwa milandu yamtunduwu ndayiona ikugwa pa malo amodzimodzi. Munthu amabweza ngongole ya kampani ndi ndalama zake, kenako amakasuma ku khoti la majisitireti kuti m'bale wake amubwezere. Majisitireti amafunsa umboni wakuti panali pangano. Wodandaula amatulutsa uthenga wa kampani woonetsa kuti anakongola K80,000, ndi lisiti la ku chipatala. Zinthu ziwirizi zimangotsimikiza kuti iye anakongola ndipo mayi ake anathandizidwa. Sizinena kanthu za m'baleyo. Ndiye m'bale uja amaimirira, nkhope yachifatse, n'kunena kuti, "Bwana, odwalawo ndi mayi athu tonse. Mlongo wangayu anathandiza kholo lake monga mwana aliyense. Ine ndinangoti ndikapeza kangachepe ndidzaponyapo." Mlandu umathera pomwepo.

Umathera pomwepo pa zifukwa ziwiri. Choyamba, wosuma ndiye ali ndi udindo woonetsa kuti zomwe akunena ndi zoona, ndipo mawu a pakamwa a anthu awiri akatsutsana popanda china chowonjezera, woluza kawirikawiri amakhala wosumayo. Chachiwiri ndi mfundo yomwe makhoti athu anatengera ku malamulo a ku Mangalande, yakuti malonjezo a m'banja khoti limayamba lawaona ngati kuthandizana kwa pachibale, osati mgwirizano woti n'kutengerana nawo ku khoti, pokhapokha pakhale choonetsa kuti anthuwo ankafunadi kumangana. Ndalama yolipirira kholo lodwala ndiye imaoneka ngati thandizo la pachibale kuposa ina iliyonse. Mboni zomwe mungadalire ndi abale omwewo, ndipo tsiku la mlandu azakhali omwe analipo ku chipatala amakhala atayiwala zonse, kapena akukudzudzulani inuyo kuti mukuyalutsa mtundu. Chimanditopetsa n'chakuti amene amalimbikira kuti "tenga, ndidzabweza" nthawi zambiri nayenso ali ndi foni m'thumba. Afunseni achimwenewo chifukwa chake sakutenga pa nambala yawo. Akayankha kuti yawo siyikulola, funsaninso ngati chifukwa chake si ngongole ina yomwe sanabweze.

Ngati mwatsimikiza kutenga, konzani umboni ndalama isanalowe, osati pambuyo. Achimwene akutumizireni uthenga kuchokera pa nambala yawo, kapena alembe pa pepala n'kusayina, mawu onga awa: "Ndapempha mlongo wanga kuti andikongolere K80,000 pa foni yake. Ngongoleyi ndi yanga. Ndidzamubwezera K80,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja ndi chindapusa chilichonse pofika pa tsiku lakuti." Tsikulo lilembedwe, mwezi ndi chaka. Mawu akuti "ngongoleyi ndi yanga" ndi akuti "chindapusa chilichonse" asasowemo, apo ayi mudzakangana pa K16,800 ija ngakhale atavomera K80,000. Pakhale mboni imodzi yosakhala wachibale. Ndipo ngati ndalamayo ikudutsa m'manja mwawo, atumizireni pa foni kuti patsale chizindikiro, musawapatse pamanja. Sindingakulonjezeni kuti ndi zimenezi mudzapambana, chifukwa khoti limaona umboni wonse pamodzi, komanso kupambana mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana ngati wogonjayo alibe katundu woti a sherifu n'kulanda. Koma popanda zimenezi ine sindingakulangizeni n'komwe kuti mukawononge ndalama yolembetsera mlandu. Akakana kulemba, ndiye kuti yankho la funso lanu mwalipeza.

Nditenge kapena ndisatenge? Maganizo anga ndi akuti ngongole yamtunduwu imayenera munthu amene ndalama yobwezera ili kale panjira ndipo ifika tsiku lobweza lisanakwane. Kwa inu sizili choncho. Musanadine, pitani ku ofesi yolipirira ya chipatalacho mukafunse ngati angalandire theka lero, lina kumapeto kwa mwezi. Sikuti ndi ufulu wanu, koma kufunsa sikulipitsa, ndipo akalola mungakongole K40,000 yokha, yomwe geni yanu ingathe kubweza pa masiku 14 osadikira munthu. Ngati muli m'banki mkhonde, yerekezani mtengo wake ndi 21 peresenti ija, osati ndi 10. Achimwene nawonso, poti ali pa ntchito, angathe kupempha adivansi kwa abwana awo.

Zotsalazi ndingozidutsa mwachangu. Jambulani ndi foni ina uthenga uliwonse womwe ukuoneka musanavomere, makamaka woonetsa chiwongoladzanja, tsiku lobweza ndi chindapusa, chifukwa zolemba za pa mndandanda wodina nambala zimazimiririka mukangotuluka. Mauthenga otsimikiza ndalama musafufute ngakhale foni itadzadza. Dziwani dzina la wokongoza weniweni, pakuti nthawi zambiri kampani ya foni imangokhala njira, ndalama ndi ya banki kapena bungwe lina lokongoza. Wokongozayo ayenera kukhala wovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, yomwe gavanala wake ndiye mlembi woyang'anira mabungwe a zachuma malinga ndi lamulo la mu 2010 la Financial Services Act. Wina akakuyimbirani kuti mutumize kaye ndalama "yotsegulira ngongole", kapena akafunsa nambala yanu yachinsinsi, ameneyo ndi wakuba, dulani foni.

Akakudulani ndalama yosagwirizana ndi zomwe munavomera, musakathere mawu kwa ejenti wa pa kona. Iye ntchito yake ndi kulandira ndi kupereka ndalama, dandaulo lanu alibe kolipititsa. Lembani kalata ku kampaniyo, sungani kope lodindidwa, ndipo ngati mwayimba foni funsani nambala ya dandaulo lanu ndi kulemba tsiku. "Tikuyimbirani" wa pa kauntala si yankho. Akakhala chete kapena yankho likapanda kukukhutiritsani, tengani mapepala omwewo mupite nawo ku Reserve Bank, komwe chinthu choyamba kufunsidwa chidzakhala ngati munayamba mwadandaula kwa eni ake.

Kulephera kubweza si mlandu wa kupolisi. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndiye wokuopsezani ndi apolisi pa ngongole yomwe munatenga mwachilungamo, m'dzina lanu lenileni, akungokuopsezani. Izi sizikutanthauza kuti mungangothyola simu khadi n'kugula ina. Ngongole imatsata chiphaso, ndipo dzina lanu lingathe kupita ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, komwe mabanki amafufuza munthu asanamukongoze. K80,000 yosabweza ingadzakulepheretseni kupeza ngongole yaikulu ya geni patsogolo. Samani ya ku khoti ikabwera musayibise pansi pa mphasa, chifukwa mukapanda kuyankha khoti lingathe kugamula inu kulibe.

Pali lamulo lakale la Loans Recovery Act lomwe limalola khoti kuunikanso ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso ndipo mgwirizanowo ndi wankhanza. Limathandiza kwambiri pa nkhani za katapila. Ngati lingakuthandizeni pa wokongoza wovomerezeka yemwe anakuonetsani mtengo musanavomere, zitengera momwe khoti lionere, ndipo ine sindingamangepo chiyembekezo chanu. Ndalama yolipira loya pa mlandu woterewu ingapose ngongole yeniyeniyo, kotero zikafika poterepo yambani mwafunsa ku Legal Aid Bureau, mutanyamula chiphaso chanu, zithunzi za mauthenga aja ndi kalata ya achimwene.