Akana pempho la chigayo osaliwerenga: khothi lingatani?

"Ndinapempha laisensi ya chigayo cha magetsi ku khonsolo ya kwathu. Malo anga ali kumapeto kwa lokeshoni, kutsidya kwa msewu, ndipo oyandikana nawo anasaina kalata yovomereza. Kalatayo sanaiwerenge n'komwe. Anangoti mfundo yawo ndi yosalola chigayo chilichonse m'lokeshoni. Kodi izi n'zololedwa?"

Mayi, choyamba fufuzani gwero la chiletsocho. Ngati chinalembedwa m'lamulo la Nyumba ya Malamulo, kapena m'malamulo a khonsolo amene anasindikizidwa mu gazeti ya boma, wogwira ntchito alibe mphamvu yochilumpha ngakhale atakumverani chisoni. Koma ngati lamulo likunena kuti khonsolo ikhoza kupereka kapena kukana laisensi malinga ndi mmene yaonera, ndipo chiletsocho ndi mfundo imene anangogwirizana muofesi, muli ndi poyambira. Amene wapatsidwa mphamvu yoganiza ndi kusankha saloledwa kudzimanga yekha ndi mfundo yake mpaka kuleka kumvetsera.

Izi sizikutanthauza kuti mfundo n'zoletsedwa. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi, umene maloya amautchulanso m'makhothi a kuno, ndi wa kampani ya British Oxygen, womwe unagamulidwa ku Mangalande mu 1970. Lamulo la mu 1966 linalola unduna kuthandiza makampani ndi ndalama zogulira zipangizo, ndipo undunawo unakhazikitsa mfundo yakuti chinthu cha mtengo wochepera mapaundi 25 sichilandira thandizo. Kampaniyo inali itawononga mapaundi oposa 4 miliyoni kugula masilinda a gasi, lililonse pafupifupi mapaundi 20. Woweruza Reid ananena kuti ofesi yolandira mapempho ambirimbiri ikhoza kukhala ndi mfundo, ngakhale yolimba ngati lamulo, bola izikhala yokonzeka kumva aliyense amene wabwera ndi chatsopano. Kampaniyo inagonja, chifukwa unduna unali utamva zonse zimene inanena usanakane.

Pamenepo ndi pamene nkhani yanu yagona. Woweruza sadzafunsa ngati mfundo yoletsa zigayo ili yanzeru, pakuti phokoso ndi fumbi la ufa ndi zifukwa zomveka. Adzafuna kudziwa ngati panali wina amene anakhala pansi, n'kuona pamene pali malo anu ndi kalata ya oyandikana nanu, n'kudzifunsa ngati zimenezi zili zokwanira kuti mfundo ipatukidwe. Kukana mutamvedwa n'kololedwa, koma kubweza kalata pa windo isanatsegulidwe, kwa ine, ndi kulakwa koonekeratu. Ngakhale mfundo yolembedwa kuti "kupatula pa zifukwa zapadera" siipulumutsa ofesi ngati zikuoneka kuti khomo limenelo ndi la papepala chabe. Khothi la apilo la ku Mangalande linavomereza kuthetsedwa kwa zigamulo za bungwe lina la zaumoyo mu 1999 pa chifukwa chomwechi.

Lembani kalata sabata ino. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wochitiridwa zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa. M'kalatamo pemphani zifukwazo, pemphani kope la mfundoyo, ndipo funsani mosabisa ngati anaganizirapo zokupatulani. Fotokozani chimene chikusiyanitsa malo anu ndi ena: mtunda wake kuchokera ku nyumba yapafupi, maola amene mukufuna kugaya, ndi kalata ija. Kungonena kuti mukuvutika si chatsopano, aliyense wopempha amatero. Sungani kope lanu lodindidwa chidindo ndi tsiku. Akayankha kuti "mfundo siitilola kuganizira pempho lotere", yankho limenelo ndiye umboni wanu wamphamvu.

Akapanda kusintha, mukhoza kudandaula kwa Ombudsman, komwe simulipira kanthu, kapena kupempha Khothi Lalikulu kuti liunikenso chigamulocho. Ngati lamulo la malaisensi lili ndi njira yake ya apilo, yambani mwadutsa kumeneko, chifukwa khothi limakonda kubweza amene aidumpha. Ku khothi mumayamba mwapempha chilolezo, ndipo malamulo ake a 2017 amafuna kuti pempho lifike mwachangu, pasanathe miyezi 3 chigamulo chitaperekedwa. Makalata opita ndi kubwera saimitsa nthawiyi, ndipo ambiri amaluza pomwepa akudikira yankho.

Mukapambana, musayembekezere kutuluka m'khothi laisensi ili m'manja. Kawirikawiri woweruza amathetsa chigamulo choyambacho n'kulamula khonsolo kuti iganizirenso pempho lanu. Ikhoza kukananso, koma ulendo uno iyenera kuwerenga kalata ija ndi kulemba chifukwa chake siikukwanira. Yerekezani ndalama za loya ndi zimenezi musanayambe mlandu.