Lipoti la kulabu la liwiro la riyakishoni: tilembe limodzi la thayosalufeti ndi asidi

"Aphunzitsi, ndili Fomu 4. Tinapanga pulakitiko ija ya thayosalufeti ndi asidi yoti X amasowa pansi pa fulasiki, ndiye atiuza kuti tilembe lipoti lonse, njira, zotsatira ndi mathero. Masekondi ndili nawo mukope koma sindikudziwa kuti ndiyambire pati, komanso 1/t ija ndi yachani? Chonde ndithandizeni."

Zikomo pondilembera mwana wanga. Ndikuwonetsa lipoti lathunthu la pulakitiko yomweyo ndi manambala omwe tinapeza ine ndi ana anga, iweyo udzaike ako, osakopera angawa ayi. Udzalemba mchizungu inde, koma kaganizidwe kake ndi komweka.

Pamwamba mutu, deti, ndi cholinga mzere umodzi basi: kufufuza mmene konsentireshoni ya sodiyamu thayosalufeti imasinthira liwiro la riyakishoni yake ndi asidi wa hayidirokoloriki. Pansi pake ikwezhoni:

```
Na2S2O3 + 2HCl → 2NaCl + SO2 + S + H2O
```

S ameneyo ndi salufa, ndiye mwini nkhani. Sasungunuka mmadzi, ndiye akamapangika madzi aja amayamba kuchita mbuu, koyamba ngati madzi otsukira mpunga kenako chikasu chotuwa, mpaka X uja osaonekanso. Chomwe ukuyeza ndi nthawi yoti papangike salufa wokwanira kuphimba X.

Zipangizo uzitchule ndi saizi zake: fulasiki ya 250 cm³, silinda yoyezera ya 50 cm³ ndi ina ya 10 cm³, sitopuwotchi, themomita, pepala loyera lojambulidwa X, madzi a disitiledi, thayosalufeti wa 0.15 mol/dm³ ndi asidi wa 2 mol/dm³.

Njira ilembedwe moti mnzako amene anajomba tsiku limenelo akhoza kubwereza yekha osakufunsa kanthu. Yathu inali motere. Tinayeza 50 cm³ ya thayosalufeti nkuthira mufulasiki, fulasiki nkuyikhazika pa X. Tinayeza 5 cm³ ya asidi mu silinda yaing'ono, kuthira kamodzi nkuyambitsa wotchi nthawi yomweyo, kugwedeza kamodzi, kenako kusuzumira chakumwamba mpaka X wasowa, wotchi nkuimitsa. Tinatsuka fulasiki nkubwereza ndi thayosalufeti 40, 30, 20 ndi 10 cm³, ulendo uliwonse kuonjeza madzi kuti zikwane 50 cm³. Mulingo uliwonse tinaupanga katatu.

Apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ambiri amangothira madziwo poti aphunzitsi atero. Madzi aja ndi amene akuchepetsa konsentireshoni, komanso akusunga voliyumu yonse pa 55 cm³ kuti kuya kwa madzi amene diso lako likudutsamo kukhale kofanana, ukapanda kuwathira ndiye kuti wasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndipo sungadziwenso kuti chachedwetsa X kusowa ndi chiti. Nchifukwa chakenso fulasiki ikhale yomweyo, X yemweyo, woyang'ana yemweyo, ndipo kutentha ulembe. Tsiku lathulo themomita inkasonyeza 24 °C. Zimenezi uzilembe poyera mu lipoti: chosintha ndi konsentireshoni, choyeza ndi nthawi, zosasintha ndi zimene ndatchulazi kuphatikizapo asidi.

Osaiwala mzere wa chitetezo. SO2 ndi mpweya wotsamwitsa, mawindo atsegulidwe, magalasi oteteza maso avalidwe, ndipo wa asima akhale patali agwire ntchito yolemba. Posuzumira osalowetsa mphuno pakamwa pa fulasiki.

Zotsatira, nthawi ili pano ndi avereji:

```
Na2S2O3/cm³  H2O/cm³  c/(mol/dm³)  t/s   (1/t)/s⁻¹
50           0        0.15         22    0.045
40           10       0.12         28    0.036
30           20       0.09         37    0.027
20           30       0.06         56    0.018
10           40       0.03         118   0.0085
```

Konsentireshoni imapezeka chonchi, mwachitsanzo mzere wachitatu: 0.15 × 30 ÷ 50 = 0.09. Imeneyi ndi ya asidi asanathiridwe, ulembe choncho pansi pa tebulo. Mu tebulo lako uonetsenso nthawi zonse zitatu, osati avereji yokha.

Pamzere womwewo pali nkhani. Tinapeza masekondi 36, 38 kenako 29. Mtsikana amene ankalemba anagwira kale labala kuti afufute 29 aike 37, ndinamugwira dzanja. Titakweza fulasiki padzuwa tinaona kachifunga koyera kamatirira pansi pagalasi, anyamata anangokhuthula osatsuka, ndiye X anali atayamba kale kuzimirira asidi asanalowe. Tinaizunguliza 29 ija, kulemba chifukwa chake pambali, avereji nkutenga ya 36 ndi 38 yokha, ndiye 37 uja. Ine ndikamachonga, tebulo lokhala ndi nambala yosokonekera yofotokozedwa bwino limandisangalatsa kuposa losalala lochita kuphika.

Tsopano 1/t. Nthawi si liwiro. Wothamanga mamita 100 akatenga masekondi ochepa ndiye waliwiro, eti? Liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi. Kuno mtunda wathu ndi salufa wofunika kuphimba X, ndipo poti fulasiki, kuya ndi X sizikusintha, salufa ameneyo ndi wofanana ulendo uliwonse. Sitinamuyeze pa sikelo, ndiye timangomutcha 1 nkugawa ndi nthawi. Choncho 1 ÷ 28 = 0.036 s⁻¹. Dziwa kuti si liwiro lenileni la mu mol/dm³ pa sekondi, ndi nambala yoyenda limodzi ndi liwirolo, yokwanira kufananitsira mizere isanu ija.

Gilafu: konsentireshoni chopingasa, 1/t choimirira, mayunitsi alembedwe, pensulo yosongoka. Usalumikize madontho limodzilimodzi, ika lula nkukoka mzere umodzi wowongoka wodutsa pakati pawo. Wathu unalunjika pa ziro, ndipo nzomveka, popanda thayosalufeti palibe riyakishoni. Ukajambula nthawi mmalo mwa 1/t upeza mzere wokhota wotsika, si wolakwika koma ndi wovuta kuwerengapo ubale.

Mathero amayankha cholinga chija ndi manambala ako. Athu tinalemba kuti: konsentireshoni ya thayosalufeti ikakwera liwiro la riyakishoni limakweranso. Itachoka pa 0.06 kufika pa 0.12 mol/dm³, kuwirikiza kawiri, 1/t inachoka pa 0.018 kufika pa 0.036 s⁻¹, kawirinso, ndipo gilafu ndi mzere wowongoka wodutsa pa ziro, kusonyeza kuti ziwirizi zikukwera mofanana. Chifukwa chake nchakuti konsentireshoni ikakhala yaikulu tizidutswa ta thayosalufeti timachuluka mu voliyumu yomweyo, timagundana ndi ta asidi kawirikawiri pa sekondi, ndiye kugundana kobala riyakishoni kumachulukanso. Usalembe kuti tizidutswa tikuthamanga kwambiri kapena tapeza mphamvu zambiri, imeneyo ndi nkhani ya kutentha, ndipo malikisi amathera pamenepa chaka ndi chaka.

Pomaliza penipeni zofooka za pulakitiko, ndipo "munthu amalakwitsa" si yankho. Tchula chenicheni. Kwa ife linali dontho la 0.03, nthawi zake zinali 112, 124 ndi 118, kusiyana masekondi 12 pomwe pa 0.15 zinangosiyana ndi 2, chifukwa chifunga chimabwera pang'onopang'ono ndipo diso silidziwa bwino kuti X wasowa liti. Dontholo linagwera pansi pang'ono pa mzere, timayembekeza 0.009. Chowongolera ndi sensa ya kuwala mmalo mwa diso ngati sukulu ili nayo, ndi byureti mmalo mwa silinda poyeza mavoliyumu. Ndipo ngati munayamba mmawa kozizira nkudzamaliza masana dzuwa litaswa mtengo, ulembe zimenezo, chifukwa riyakishoni iyi imamva kutentha kwambiri, madigiri ochepa chabe ndi okwanira kukhotetsa gilafu yako.